Kalata Yochotsa Munthu Ntchito: Ndime ya Mgwirizano ndi Nthawi ya Notisi Zilembedwe Molondola

M'mawodi a boma lino muli olemba ntchito ambiri amene sadziona ngati mabwana. Ena ndi makomiti a sukulu amene alemba mlonda, ena ndi makopaletivi okhala ndi chigayo, ena ndi eni magolosale, malo ogona alendo ndi sukulu za mkaka. Ikafika nthawi yosiyana ndi wantchito, ambiri mwa iwo amalemba kalata ya mizere itatu kapena inayi. Nthawi zina amangokopera kalata yakale imene inalembedwera munthu wina pa nkhani ina. Kalata yotereyi imaoneka yaing'ono pa tsiku loilemba, koma nkhani ikafika ku ofesi ya zantchito ya boma kapena kukhoti, ndiyo imayamba kuwerengedwa. Zinthu ziwiri zimene zimayang'anidwa msanga ndi ndime ya mgwirizano imene yatchulidwa ndi kutalika kwa notisi imene yaperekedwa.

Zimene lamulo limafuna

Lamulo la Zolemba Ntchito la chaka cha 2000 ndilo limayendetsa nkhani zimenezi m'Malawi. Limagwira ntchito kwa olemba ntchito amene si aboma komanso ku Boma, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Gawo 57 la lamuloli limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho chiyenera kukhala chimodzi mwa mitundu itatu. Chikhoza kukhudza khalidwe la wantchito, monga kuba kapena kujomba. Chikhoza kukhudza kuthekera kwake pogwira ntchito imene analembedwera. Chikhozanso kuchokera ku kayendedwe ka bizinesi, monga pamene ntchito yachepa ndipo malo ena a ntchito sakufunikanso. Gawo lomwelo limawonjezera kuti ngati chifukwa chili cha khalidwe kapena kuthekera, wantchito ayambe wapatsidwa mwayi wodziteteza pa zimene akumunenera.

Gawo 61 limaika udindo wonse wa umboni pa wolemba ntchito. Nkhani ikapita kokaweruzidwa, wolemba ntchito ndiye ayenera kupereka chifukwa chimene anachotsera munthu, ndipo akalephera kutero lamulo limatenga kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo. Ayeneranso kuonetsa kuti anachita zinthu mwachilungamo ndi mosakondera poganizira zonse zimene zinachitika.

Lamulo silinena kuti kalata yosatchula nambala ya ndime ndi yopanda ntchito. Limafuna kuti notisi iperekedwe molemba ndi kuti chifukwa chikhale choona ndi chotsimikizika. Komabe ndime imene yatchulidwa m'kalata ndiyo imaonetsa mtundu wa chifukwa chimene wolemba ntchito wasankha, ndipo mtundu uliwonse uli ndi njira yake ndi ndalama zake. Wochotsedwa chifukwa cha mlandu waukulu akhoza kuchoka tsiku lomwelo popanda notisi, koma pokhapokha atamvedwa kaye. Wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa alibe mlandu woti ayankhe, koma ayenera kulandira notisi yonse pamodzi ndi ndalama yotsanzikira. Ndime yolakwika ikalembedwa, wolemba ntchito amakhala wadziika pa njira imene sanaitsate, ndipo amayenera kukaikira umboni chinthu chimene mwina sichinachitike n'komwe.

Mmene notisi imawerengedwera

Gawo 29 limapereka nthawi yochepetsetsa ya notisi pa mgwirizano wopanda tsiku lothera, ndipo nthawiyo imadalira mmene munthu amalipidwira ndi zaka zimene wagwira. Wolandira malipiro pa mwezi ayenera kupatsidwa mwezi umodzi, kaya wagwira chaka chimodzi kaya zaka khumi. Wolandira pa masabata awiri alionse amapatsidwa masabata awiri, koma akakwanitsa zaka zisanu amapatsidwa mwezi. Wolandira pa sabata amapatsidwa sabata imodzi ngati sanakwanitse zaka ziwiri, masabata awiri kuyambira zaka ziwiri, ndi mwezi wathunthu akakwanitsa zaka zisanu. Wolipidwa pa tsiku kapena pa ola amapatsidwa tsiku limodzi ngati sanathe miyezi isanu ndi umodzi, sabata imodzi akapyola pamenepo, masabata awiri akafika zaka ziwiri, ndi mwezi akafika zaka zisanu. Pa mgwirizano wokhala ndi tsiku lothera, notisi yochepetsetsa ndi masiku 14.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Eni bizinesi ena amaganiza kuti munthu wolipidwa pa tsiku ndi waganyu mpaka kalekale, choncho tsiku limodzi n'lokwanira. Koma wonyamula matumba amene wakhala pa malo amodzi mosalekeza kwa zaka zisanu ayenera kulandira notisi ya mwezi, ngakhale ndalama zake amazilandira madzulo alionse.

Nthawi zimenezi ndi zochepetsetsa chabe. Ngati mgwirizano ukunena nthawi yaitali kuposa ya m'lamulo, ya mu mgwirizano ndiyo imatsatidwa, popeza ndi imene mbali ziwiri zinasainirana. Ngati mgwirizano ukunena nthawi yaifupi, ya m'lamulo ndiyo imatsatidwa, popeza siginecha ya wantchito singachotse chimene lamulo lamupatsa. N'chifukwa chake wolemba kalata ayenera kukhala ndi mapepala onse awiri pa tebulo, mgwirizano ndi lamulo, n'kutenga nthawi imene ili yaitali.

Gawo 30 limalola kuti m'malo mogwira ntchito nthawi ya notisi, munthu alipidwe n'kuchoka. Koma malipirowo ayenera kukhala ofanana ndi zonse zimene akanalandira mpaka tsiku lomaliza la notisi, kuphatikizapo zina zimene amapatsidwa pa ntchitoyo, osati malipiro a pamwezi okha. Ngati amalandira ndalama ya nyumba mwezi uliwonse, imeneyonso imalowa m'chiwerengero.

Chitsanzo cha pa chigayo

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize kuona kulemera kwa nkhaniyi. Kopaletivi ya alimi ili ndi chigayo cha dizilo ndipo inalemba anthu awiri ochiyendetsa. Mmodzi wa iwo wagwira zaka zisanu ndi chimodzi zathunthu ndipo amalandira K208,000 pa mwezi. Mgwirizano wake uli ndi ndime ziwiri zokhudza kusiya ntchito. Ndime 9 imanena kuti mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popereka notisi ya miyezi iwiri. Ndime 12 imanena kuti wantchito akhoza kuchotsedwa nthawi yomweyo akapezeka ndi mlandu waukulu monga kuba, kuledzera pa ntchito kapena kujomba popanda chilolezo.

Magetsi atafika pa malo ochitira malonda, zigayo ziwiri zamagetsi zatsegulidwa pafupi, ndipo anthu obwera kudzagayitsa achepa. Komiti yakumana n'kugwirizana kuti munthu mmodzi ndi wokwanira. Mlembi watenga kalata yakale imene inalembedwera mlonda wina amene anaba dizilo zaka zapitazo, wasintha dzina ndi tsiku, n'kuipereka Lolemba. Kalatayo ikunena kuti wantchito wachotsedwa molingana ndi ndime 12 ndipo tsiku lake lomaliza ndi Lachisanu.

M'kalata imeneyi muli zolakwika ziwiri zimene zikukokerana. Choyamba, ndime 12 ikutanthauza kuti munthuyo wapalamula, pamene komiti ikudziwa kuti sanalakwe chilichonse. Palibe tsiku limene anaitanidwa kuti adziteteze, palibe kalata yomuchenjeza, ndipo m'buku la zokambirana za komiti mwalembedwa za kuchepa kwa makasitomala, osati za mlandu. Chachiwiri, masiku asanu amene apatsidwa sakugwirizana ndi ndime iliyonse. Ndime 12 ilibe notisi, ndime 9 ikufuna miyezi iwiri, ndipo lamulo likufuna mwezi umodzi. Aliyense wowerenga kalatayo akhoza kuona kuti olemba sanatsegule mgwirizano.

Komiti ikanalemba molondola, ikanatchula ndime 9 ndi chifukwa chenicheni, chimene ndi kuchepa kwa ntchito. Notisi ya miyezi iwiri ikanakwana K416,000, ndipo kopaletivi ikanasankha kuti munthuyo agwire miyezi iwiriyo kapena alipidwe n'kuchoka. Pamwamba pake pakanakhala ndalama yotsanzikira, imene ambiri amaitchula kuti sevaransi. Kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2010, ndalama imeneyi imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa cha kuchepa kwa ntchito, mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka bizinesi, komanso akachotsedwa mopanda chilungamo. Imawerengedwa motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse chopyola pamenepo. Wa pa chigayoyu ali ndi masabata 10 a zaka zisanu zoyamba ndi masabata 3 a chaka chachisanu ndi chimodzi, onse pamodzi 13. Malipiro ake a chaka chonse akagawidwa ndi masabata 52, sabata imodzi ikukwana K48,000, choncho ndalama yotsanzikira ndi K624,000. Zonse pamodzi, notisi ndi yotsanzikira, zikukwana K1,040,000, osawerengera masiku a tchuthi amene sanapume, amenenso ayenera kulipidwa.

Ndi kalata yolakwika ija, nkhani ikuyenda mwina. Gawo 62 limapatsa wochotsedwa miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule kwa mkulu woona zantchito m'boma. Mkuluyo amaitana mbali zonse kuti ayese kuziyanjanitsa, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti loona milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito. Kumeneko komiti idzafunsidwa mlandu umene munthuyo anapalamula pansi pa ndime 12 ndi tsiku limene anamvedwa. Ilibe yankho. Ikanena kuti chifukwa chenicheni chinali kuchepa kwa ntchito, idzakhala ikutsutsana ndi kalata yake yomwe, ndipo funso lotsatira lidzakhala lakuti kodi ndime 12 sinalembedwe dala pofuna kuzemba ndalama yotsanzikira. Mlembi akhoza kukhala kuti analibe maganizo amenewo, koma pepala silionetsa zimene zinali mumtima.

Khoti likapeza kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo, gawo 63 limalipatsa mphamvu yolamula kuti munthu abwezeretsedwe pa ntchito yake, alembedwe pa ntchito ina yofanana nayo, kapena apatsidwe chipepeso. Chipepesocho chili ndi mlingo wochepetsetsa. Kwa amene wagwira zaka zopyola zisanu koma zosapyola khumi, ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Pa zaka zisanu ndi chimodzi amenewa ndi masabata 12, kapena kuti K576,000, ndipo khoti likhoza kupereka zoposa pamenepa likaona mmene munthuyo wavutikira. Notisi ndi ndalama yotsanzikira sizichoka, zimakhalapobe. Choncho kopaletivi imene ikanalipira K1,040,000 ikhoza kulipira K1,616,000 kapena kuposerapo, kuwonjezera pa ndalama zoyendera ndi masiku amene akomiti ataya. Ndalama zimenezi ndi za mamembala, zimene zikanagula dizilo kapena kukonza chigayo.

Wantchito nayenso amavulala ndi kalata yotere ngakhale atadzapambana. Ndime 12 imamupaka dzina la munthu wopalamula. Akapita kukafunsira ntchito ku chigayo chatsopano chija, mwini wake akhoza kufunsa chimene chinamuchotsa kwa anzake, ndipo pa malo aang'ono ochitira malonda mbiri imayenda msanga kuposa chigamulo cha khoti.

Pamene mlandu ulipodi

Pali nthawi zina pamene ndime ya mlandu ndiyo yoyenera. Gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi pa zifukwa zowerengeka: khalidwe loipa kwambiri losagwirizana ndi mgwirizano, kunyalanyaza ntchito kwakukulu kapena kobwerezabwereza, kusowa luso limene munthu ananena kuti ali nalo, kukana dala malamulo oyenera a wolemba ntchito, ndi kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Apanso kulondola kwa ndime n'kofunika, chifukwa mlandu umene walembedwa m'kalata yochotsa uyenera kukhala womwewo umene munthu anaitanidwira kudzayankha. Ngati anaitanidwa pa nkhani ya kujomba masiku atatu koma kalata ikutchula ndime ya kuba, ndiye kuti pa mlandu wa kubawo sanamvedwe, ndipo zofuna za gawo 57 sizinakwaniritsidwe.

Cholakwika china chofala ndi chotsutsana ndi chimenechi. Wolemba ntchito amene wakwiya ndi khalidwe la wantchito, koma sakufuna kuvutika ndi kumuitana kuti amvedwe, amangotchula ndime ya notisi, n'kulipira mwezi umodzi, n'kuganiza kuti nkhani yatha. Notisi imayankha funso la nthawi, koma siyankha funso la chifukwa. Munthu akhoza kulandira notisi yonse mpaka tambala yomaliza koma n'kukhalabe kuti wachotsedwa mopanda chilungamo, ngati palibe chifukwa chomveka kapena sanapatsidwe mwayi wodziteteza. Kalata yolembedwa bwino siikonza njira imene inalakwika kumbuyo. Ntchito yake ndi kulemba zoona za njira imene yatsatidwa.

Zimene kalata yolondola imanena

Pa chitsanzo cha chigayo, kalata yabwino ikanayamba ndi dzina la wantchito, ntchito yake ndi tsiku limene anayamba. Kenaka ikanatchula tsiku limene mgwirizano unasainidwa, chifukwa m'malo ambiri muli migwirizano iwiri kapena itatu ya munthu mmodzi, ndipo manambala a ndime amasintha mgwirizano ukalembedwanso. Ndime 9 ya mgwirizano wakale ikhoza kukhala ndime 11 mu watsopano. Ndi bwino kulemba nambala pamodzi ndi mawu ochepa ofotokoza zimene ndimeyo imanena, kuti nambala ikalakwika mawuwo aonetse chimene chimatanthauzidwa.

Pambuyo pake ikananena chifukwa m'mawu osavuta, kuti ntchito ya pa chigayo yachepa ndipo komiti pa msonkhano wake wa tsiku lakuti inagamula zochepetsa oyendetsa chigayo kuchoka pa awiri kufika pa mmodzi. Ikananenanso mmene anasankhidwira iyeyo osati mnzake, popeza kuchita mosakondera kumene gawo 61 limafuna kumaonekera pamenepa.

Notisi iyenera kulembedwa ndi masiku enieni, osati kungoti miyezi iwiri. Kalata ikaperekedwa pa 31 Malichi, inene kuti notisi ikuyamba pa 1 Epulo ndipo tsiku lomaliza la ntchito ndi 31 Meyi. Tsiku lofunika ndi limene wantchito walandira kalata, osati limene yalembedwa. Kalata yolembedwa pa 31 Malichi koma yokhala m'chikwama cha wapampando mpaka pa 10 Epulo yadya masiku khumi a notisi, ndipo masiku amenewo ayenera kuwonjezedwa kumapeto kapena kulipidwa. N'chifukwa chake pamafunika makope awiri, ndipo wolandira asaine ndi kulemba tsiku pa kope yotsala. Kusaina kumeneku kumangoonetsa kuti walandira, sikutanthauza kuti wavomereza zimene zalembedwa. Akakana kusaina, mboni imene inalipo ilembe dzina lake ndi tsiku.

Pomaliza kalata iike ndalama iliyonse payokha: malipiro a masiku amene agwiridwa, notisi ngati ikulipidwa, masiku a tchuthi, ndi ndalama yotsanzikira, pamodzi ndi tsiku lolipira. Gawo 53 limafuna kuti malipiro amene munthu ayenera kulandira pothetsa mgwirizano aperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri, choncho pa chitsanzochi tsiku lomaliza ndi 7 Juni.

Zimene wolandira kalata ayenera kuyang'ana

Wantchito amene walandira kalata akhoza kudziwa yekha ngati ili ndi vuto poiyika pambali pa mgwirizano wake. Apeze ndime imene yatchulidwa n'kuona ngati ikunenadi zimene kalata ikunena. Ngati ndi ndime ya mlandu, akumbukire ngati anaitanidwa kudzayankha mlandu womwewo. Kenaka awerenge masiku kuchokera tsiku limene walandira kalata mpaka tsiku lomaliza, n'kuyerekeza ndi nthawi ya mu mgwirizano ndi ya m'lamulo. Asunge kalatayo, mgwirizano ndi mapepala a malipiro, ndipo asasaine pepala lonena kuti walandira zonse asanaone mmene ndalamazo zawerengedwera. Ali ndi ufulunso, pansi pa gawo 31, wopempha chikalata chotsimikizira kuti anagwira ntchito pamalopo, chonena udindo wake, kutalika kwa nthawi ndi malipiro ake. Chifukwa chosiyira ntchito chimalembedwa m'chikalatacho pokhapokha iye mwini atapempha.

Antchito ambiri m'mawodi alibe mgwirizano wolembedwa. Zikatero palibe ndime yoti itchulidwe, ndipo kalata isapeke ndime imene kulibe. Itchule magawo a lamulo, gawo 29 pa notisi ndi gawo 57 kapena 59 pa chifukwa. Kusowa kwa pepala sikuchotsa ufulu wa notisi, chifukwa mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano ndithu. Komanso olemba ntchito anthu asanu kapena kuposerapo adziwe kuti gawo 27 limawalamula kupereka kwa wantchito aliyense pepala lofotokoza mfundo za ntchito yake.

Makomiti ndi eni bizinesi amene akuganiza zochotsa munthu akhoza kupita ndi mgwirizano pamodzi ndi kalata imene akonza ku ofesi ya zantchito ya boma asanaipereke, kuti akaone ngati ndime, chifukwa ndi masiku zikugwirizana. Wantchito amene ali ndi dandaulo apite ku ofesi yomweyo ndi mapepala ake onse miyezi itatu isanathe kuchokera tsiku limene anachotsedwa.